Cheke Chikabwerera Osalipidwa: Zifukwa Zake ndi Zoyenera Kuchita

Cheke ndi kalata yolamula. Mwini akaunti amalembera banki yake kuti ipereke ndalama zakutizakuti kwa munthu amene dzina lake lalembedwa papepalapo. Mpaka banki ya wolemba chekeyo itavomera lamulolo n'kutulutsa ndalama, wolandira cheke amakhala atangogwira pepala lokhala ndi lonjezo. Mavuto ambiri a macheke amayambira pa kusamvetsa mfundo imeneyi, chifukwa munthu akaika cheke ku banki n'kulandira silipi yodinda, mtima umakhala pansi ngati kuti walipidwa kale.

Ku Malawi nkhani za macheke zimayendera lamulo lotchedwa Bills of Exchange Act, lomwe linatengera lamulo la ku Britain la mu 1882. N'chifukwa chake mawu amene mabanki kuno amalemba pobweza cheke amafanana ndi a ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Britain komweko, ndipo amakhala a m'Chingerezi, achidule, osafotokoza zambiri.

Ulendo wa cheke pakati pa mabanki awiri

Pa cheke chilichonse pamakhala mbali zinayi: wolemba cheke, banki yake, wolandira cheke, ndi banki ya wolandirayo. Munthu akadipozita cheke, banki yake imakhala ngati mtumiki amene wapatsidwa kalata kuti akatenge ndalama kwa mwini wake. Iyo siyilipira. Ntchito yake ndi kutumiza chekecho ku banki ya wolemba, kudikira yankho, kenako kuika ndalamazo m'manja mwa kasitomala wake.

Kale pepala lenilenilo linkayenda pagalimoto kuchoka kunthambi ina kupita kwina. Masiku ano makina amajambula cheke kumaso ndi kumbuyo, amawerenganso mzere wa manambala umene uli m'munsi mwake, womwe umasonyeza nambala ya cheke, banki ndi nthambi yake, komanso nambala ya akaunti. Chithunzicho ndicho chimapita ku banki inayo. Kuwerengerana ndalama pakati pa mabanki kumachitika kudzera mu dongosolo la MITASS, limene Banki Yaikulu ya Reserve inakhazikitsa mu 2014. Banki ya wolemba ikalandira chithunzi imayang'ana tsiku, ndalama zolembedwa m'mawu ndi m'manambala, siginecha, ndiponso ngati mu akaunti muli zokwanira. Ikakhutira imalipira, ndipo apa m'pamene anthu amati cheke chakiliya. Ikapanda kukhutira imachibweza ndi chifukwa chake, ndipo apa amati chabaunsa.

Masiku odikira amawerengedwa ogwira ntchito okhaokha. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi sawerengedwa, ngakhale nthambi zina zimatsegula Loweruka m'mawa. Banki iliyonse ilinso ndi ola lake lotsekera macheke a tsikulo, kotero cheke choikidwa Lachisanu madzulo chimayamba ulendo wake Lolemba, ndipo Lolembalo likakhala la tchuthi chimayamba Lachiwiri. Cheke cha banki imodzimodzi ndi ya wolandira chimafulumira chifukwa sichituluka panja.

M'masiku odikirawa akaunti imasonyeza ndalama ziwiri zosiyana. Pa sitetimenti, pa makina a ATM kapena pa foni pamaoneka "Ledger balance" kapena "Current balance", zomwe ndi ndalama zonse kuphatikizapo cheke chimene sichinakiliye, ndiponso "Available balance", zomwe ndi ndalama zimene munthu angathe kutapa. Nambala yachiwiriyi ndiyo yoti munthu aziyang'ana. Yoyambayo ikhoza kutsika tsiku lililonse popanda chenjezo.

Kugwidwa ndi kubwezedwa n'zosiyana

Cheke chogwidwa sichinakanidwe. Banki yangoimitsa ndalamazo kuti itsimikize kena kake, ndipo nthawi zambiri zimatuluka. Chifukwa chofala kwambiri n'chakuti banki ya wolemba ikufuna kumva kwa mwini akaunti kuti chekecho anachilembadi iye. Mabanki amaimbira foni makasitomala awo cheke chikakhala cha ndalama zambiri, ndipo ngati foni yathima, kapena amene amasainira kampani ali kumaliro kumudzi, ndalama zimaima. Apa wolandira cheke amathandizika msanga akaimbira wolembayo kuti alankhule ndi banki yake, kusiyana n'kukhalira kudandaula pa kauntala ya banki imene ilibe yankho.

Banki ya wolandira nayo ikhoza kugwira ndalama. Akaunti imene yatsegulidwa kumene, kapena imene imalandira ndalama zochepa mwezi ndi mwezi kenako mwadzidzidzi n'kulandira cheke cha mamiliyoni, imadzutsa mafunso. Lamulo la Financial Crimes Act la mu 2017 limakakamiza mabanki kudziwa makasitomala awo ndi gwero la ndalama zawo, ndiponso kukanena ku bungwe la Financial Intelligence Authority akakayikira. Wantchito wa banki akafunsa invoisi, kontirakiti kapena kalata yogulitsirana galimoto, sakuchita chipongwe. Amene wabwera ndi mapepala amenewa tsiku loika cheke amadzipulumutsa ku maulendo obwerezabwereza. Akaunti imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kapena imene chiphaso cha mwini wake chinatha ntchito, imachedwetsanso zinthu mpaka mwiniwakeyo atakonza mapepala ake.

Zolakwika za papepala

Macheke ambiri amabwerera chifukwa cha kalembedwe, ndalama zilimo mu akaunti. Gulu ili ndi lopepuka, ngakhale limawawa chimodzimodzi kwa amene amayembekezera kulipira antchito kumapeto kwa mwezi.

Tsiku ndilo limakola anthu ambiri. Cheke cholembedwa tsiku la mtsogolo chimabwezedwa ndi mawu akuti "Post-dated", ndipo chimangofunika kusungidwa mpaka tsikulo litakwana. Cheke chimene chadutsa miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa tsiku lolembedwapo chimaonedwa kuti chatha ntchito, ndipo chimabwera ndi mawu akuti "Stale" kapena "Out of date". Kutha ntchito kwa pepalali sikufafaniza ngongole. Wolembayo ayenerabe kulipira, koma wolandira ayenera kupempha cheke china kapena njira ina yolipirira. Mu Januwale mumachulukanso vuto la dzanja lozolowera: munthu amalemba chaka chathachi mosadziwa, ndipo cheke cholembedwa dzulo chimaoneka ngati chagona chaka chathunthu.

Ndalama za m'mawu zikasiyana ndi za m'manambala, banki imalemba "Words and figures differ". Lamulo limati zikatere zolembedwa m'mawu ndizo zoona, koma mabanki kawirikawiri safuna kulosera zimene kasitomala amatanthauza, choncho amangobweza. Pamene pafufutidwa kapena pakonzedwa popanda siginecha ya wolemba pambali pake, chekecho chimabwereranso. Wolandira cheke asayerekeze kukonza yekha ngakhale chilembo chimodzi cha dzina lake. Kusintha mbali yofunika ya cheke popanda chilolezo cha mwini wake kumachiphetsa, ndipo kukhoza kumuika munthu pa mlandu wa chinyengo pomwe iye amangofuna kuthandiza.

Siginecha ili ndi nkhani ziwiri. Ina ndi yakuti siikufanana ndi imene banki inasunga potsegula akaunti, zomwe zimachitika dzanja likasintha ndi ukalamba kapena matenda. Ina ndi yakuti siginecha sizinakwane. Masukulu, mipingo, mabungwe ndi makampani nthawi zambiri amauza banki kuti cheke chizisainidwa ndi anthu awiri, mwina wapampando ndi msungichuma, ndipo cheke chokhala ndi siginecha imodzi sichidutsa ngakhale wosainayo akhale mwini kampani. Komiti ikasintha pa chisankho koma banki osauzidwa, macheke onse a komiti yatsopano amabwerera.

Palinso dzina la wolandira. Cheke chokhala ndi mizere iwiri yopingasa sichitapidwa pa kauntala, chimayenera kulowa mu akaunti, ndipo pakalembedwa "Account payee only" pakati pa mizereyo chimalowa mu akaunti ya dzina lolembedwalo basi. Amalonda ang'onoang'ono amakodwa pano: cheke chalembedwa m'dzina la shopu, koma akaunti ili m'dzina la mwini shopu. Kwa banki awa ndi mayina awiri osiyana. Mayi amene akaunti yake ili m'dzina la kwa makolo koma cheke chalembedwa m'dzina la kubanja amakumana ndi zomwezo. Cheke chong'ambika, chonyowa, chothimbirira mafuta kapena chopindidwa pa mzere wa manambala chimakanidwanso chifukwa makina amalephera kuchijambula bwino.

Zonsezi zikanatha kuoneka pa mphindi imodzi, cheke chisanalowe m'thumba. Wolandira amene amachiwerenga pamaso pa wolemba, kuyambira pa tsiku mpaka pa siginecha, amakonzetsa cholakwa pomwepo cholembera chikadali m'manja. Komabe pali chenjezo: anthu ena amene alibe ndalama amalakwitsa dala, kusaina mokhota kapena kusiyanitsa mawu ndi manambala, kuti apeze sabata ina yopumira. Kulakwitsa kamodzi n'kwa munthu aliyense. Cheke chachiwiri chikabwereranso pa chifukwa china cha kalembedwe, wolandira ali ndi chifukwa chokwanira chokanira cheke chachitatu.

Pamene vuto ndi ndalama

Mawu amene amaoneka kawirikawiri pa cheke chobaunsa ndi akuti "Refer to drawer", nthawi zina mwachidule "R/D". Tanthauzo lake ndi lakuti wolandira akafunse kwa wolemba. Banki imasankha mawu ozungulira otere chifukwa ili ndi udindo wosunga chinsinsi cha kasitomala wake, ndipo ikhoza kusumiridwa ikamunyozetsa molakwika. Koma amene amagwira macheke tsiku ndi tsiku amadziwa kuti nthawi zambiri mawuwa amatanthauza kuti mu akaunti mulibe ndalama zokwanira. Mabanki ena amalemba mosabisa kuti "Insufficient funds".

Banki siilipira theka la cheke. Ngati cheke ndi cha K500,000 ndipo mu akaunti muli K499,000, chonse chimabwerera, pokhapokha ngati mwini akaunti ali ndi mgwirizano wa ovadirafuti wokwanira kuphimba kusiyanako. Wolandira sangauzidwenso kuti zaperewera zingati. Kufunsa wantchito wa banki kuti anene balansi ya munthu wina n'kumupempha kuti aike ntchito yake pachiswe.

Pali mawu awiri amene amapatsa chiyembekezo pang'ono. "Effects not cleared" amatanthauza kuti wolembayo nayenso anaika cheke mu akaunti yake chimene sichinakiliye, ndipo analemba chake podalira ndalama zimene zikadali panjira. "Please re-present" ndi pempho lakuti chekecho chiikidwenso. Ngakhale apa, kuikanso cheke mwachimbulimbuli n'kutaya ndalama, popeza kubaunsa kulikonse kumabwera ndi chindapusa, chachikulu kwa wolemba, ndipo m'mabanki ena wolandiranso amadulidwa. Choyenera ndi kuyamba kulankhula ndi wolembayo, atchule tsiku limene ndalama zidzakhalemo, kenako n'kufunsa banki ngati ikulola chekecho kuikidwanso.

Zifukwa zina zimatseka khomo. "Account closed" amasonyeza kuti munthu walemba cheke pa akaunti imene kulibe, ndipo n'zovuta kukhulupirira kuti sankadziwa. "Payment stopped" amasonyeza kuti wolembayo anauza banki yake kuti isalipire. Ufulu umenewu ali nawo, ndipo banki iyenera kumvera malinga ngati lamulo lafika cheke chisanalipidwe. Anthu amaimitsa cheke chikatayika kapena kubedwa, komanso akakangana ndi wogulitsa pa katundu. Banki siweruza mkanganowo, ndipo kuimitsa cheke sikuchotsa ngongole ngati katundu analandiridwadi. Banki ikamva kuti wolemba cheke wamwalira, mphamvu yake yolipira imathera pomwepo, ndipo wolandira ayenera kukatula ngongoleyo kwa oyendetsa chuma cha masiye. Akaunti ikhozanso kutsekedwa kwakanthawi ndi chigamulo cha khoti, kapena pa lamulo la mabungwe monga Malawi Revenue Authority pa nkhani za msonkho ndi Anti-Corruption Bureau pofufuza za katangale. Zikatere kuikanso cheke sikuthandiza kanthu.

Chitsanzo cha matumba a soya

Nkhani yongoyerekezera ingaonetse mmene kuwonongeka kumakulira. Wamalonda wina wa ku Kasungu wagulitsa matumba a soya kwa wogula wochokera ku Lilongwe, ndipo walandira cheke cha K1,850,000 Lachisanu masana. Mu akaunti yake munali kale K300,000. Waika chekecho madzulo, ola lotsekera litadutsa. Uthenga wa pa foni wabwera kuti mwalowa K1,850,000, ndipo balansi ikuoneka K2,150,000. Poona uthengawo walola lole kunyamuka ndi soya. Pansi pa uthenga womwewo panali mzere wina wosonyeza kuti ndalama zotapika ndi K300,000, koma maso anali pa nambala yaikulu.

Lolemba alimi amene anamupatsa soya pangongole afika pakhomo. Popeza ndi kasitomala wakale, manijala wa nthambi wamulola kutapa K1,000,000 cheke chisanakiliye. Masiku angapo pambuyo pake cheke chabwera ndi mawu akuti "Refer to drawer". Banki yachotsa K1,850,000 yonse mu akaunti, monga mmene mgwirizano wotsegulira akaunti umailolera. Masamu ake ndi awa: K300,000 kuwonjezera K1,850,000, kuchotsa K1,000,000 imene anatapa, kuchotsanso K1,850,000 ya cheke chobwerera. Akaunti yatsala ndi ngongole ya K700,000, ndipo pamwamba pake pakubwera chindapusa ndi chiwongoladzanja cha tsiku ndi tsiku. Soya wapita, K300,000 yake yamezedwa, ndipo tsopano ali ndi ngongole ku banki pa cheke chimene analemba munthu wina.

Ambiri amaona kuti apa banki yalakwa, poti ndiyo inalola kutapa. Koma kulola kasitomala kutapa cheke chisanakiliye ndi kumukongoza, ndipo chiopsezo chimatsala kwa iye. Wantchito wa pa kauntala akanena kuti "ndalama zalowa", funso loyenera kumufunsa ndi lakuti: kodi banki ya wolemba yalipira kale, ndipo kodi chekechi chingabwererenso?

Akuba amaudziwa bwino mpata umenewu. Amagwirizana mtengo ndi wogulitsa pa foni, n'kunena kuti atumiza ndalama ku akaunti. Kenako amapita okha ku banki kukaika cheke chakuba kapena chopeka mu akaunti ya wogulitsayo, makamaka Lachisanu kapena tsiku loti mawa lake ndi tchuthi. Wogulitsa salandira cheke m'manja, amangoona uthenga wa banki yake yeniyeni, ndipo amaganiza kuti ndi ndalama zotumizidwa. Katundu amanyamulidwa tsiku lomwelo ndi galimoto yahayala. Njira ina ndi yolemba cheke cha ndalama zopitirira mtengo, kenako n'kuchonderera kuti zapamwambazo zibwezedwe msanga pa foni. Cheke chikamabaunsa, zobwezedwazo zinapita kale. Zizindikiro zake n'zodziwika: wogula wosadziwika amene sakunenerera mtengo, changu chachilendo, ndi uthenga wa banki wokhala ndi mawu akuti "CHQ DEP" kapena ofanana nawo m'malo mosonyeza kuti ndalama zatumizidwa.

Zochita cheke chikabwerera

Choyamba ndi kupeza chifukwa cholembedwa. Wolandira apite kunthambi yake akatenge chekecho, kapena chithunzi chake chodindidwa ndi banki, pamodzi ndi kalata yosonyeza tsiku lobwezedwa ndi chifukwa chake. Afunsenso sitetimenti yoonetsa kulowa ndi kutuluka kwa ndalamazo ndi chindapusa chilichonse chimene wadulidwa. Silipi yoikira cheke, invoisi, risiti yoperekera katundu ndi mauthenga a pa foni zonse ziikidwe pamodzi. Tsiku lomwelo ayang'anenso malipiro ake amene ankadalira ndalamazo. Ngati nayenso analembera anthu ena macheke kapena ali ndi ngongole imene banki imadula yokha pa tsiku loikika, awadziwitse kapena aikemo ndalama zina, kuti vuto la munthu mmodzi lisabale lina m'dzina lake.

Chachiwiri ndi kudziwitsa wolemba cheke mwamsanga. Lamulo limafuna kuti chidziwitso cha kukanidwa kwa cheke chiperekedwe m'nthawi yoyenera, ndipo njira yotetezeka ndi kuchipereka tsiku lomwelo kapena lotsatira. Izi n'zofunika kwambiri ngati chekecho chinadutsa m'manja mwa munthu wina amene anasaina kumbuyo kwake, chifukwa kuchedwa kumudziwitsa kukhoza kumumasula ku udindo wolipira. Foni ndi yabwino poyambira, ndipo mawu oyamba asakhale aukali, poti mwina wolembayo sakudziwa n'komwe. Koma pambuyo pa foni pabwere kalata. Kalatayo itchule nambala ya cheke, tsiku lake, banki, ndalama, chifukwa chimene banki yapereka, chindapusa chimene wolandira wadulidwa, ndi tsiku lomaliza kulipira, mwachitsanzo masiku asanu ndi awiri. Wolandira kalatayo asaine pa kope yotsala.

Pokambirana za malipiro atsopano, njira yabwino ndi ndalama zotumizidwa mwachindunji ku akaunti kapena ndalama zapamanja. Ngati chifukwa chinali cha kalembedwe chabe, cheke chatsopano n'chovomerezeka. Ngati chinali cha kusowa ndalama, kulandira cheke china kuchokera ku akaunti yomweyo n'kungoyambiranso kudikira. Ndipo pano pali cholakwa chimene anthu ambiri aulemu amachita: wolemba amabwera ndi kupepesa, n'kupempha cheke chakalecho kuti akaching'ambe, ndipo wolandira amachipereka. Pepala limenelo ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse, chifukwa lili ndi siginecha ya wangongole, ndalama zake ndi chidindo cha banki. Lisachoke m'manja mpaka tambala yomaliza italowa n'kukiliya. Wangongole akapereka ndalama pang'ono, zilandiridwe ndi risiti yonena momveka kuti ndi gawo chabe ndi kuti zatsala zingati.

Tsiku lomaliza likadutsa, nkhani imapita kukhoti. Milandu ya ndalama zochepa imapita kwa majisitireti, ndipo ya ndalama zambiri ku Khoti Lalikulu, lomwe lili ndi nthambi yoona za malonda. Wosumira pa cheke amakhala pabwino kuposa wosumira pa lonjezo la pakamwa, chifukwa makhoti amaona cheke ngati chofanana ndi ndalama, ndipo zifukwa zimene wolemba angadzitetezere nazo n'zochepa: kuti siginecha ndi yopeka, kuti chekecho chinatengedwa mwachinyengo kapena mokakamiza, kapena kuti sanalandire kalikonse posinthana nacho. Kudandaula kuti katundu sanali wabwino kwenikweni nthawi zambiri sikukwanira kuletsa chigamulo pa chekecho. Wosumira angapemphe ndalama za pa cheke pamodzi ndi chiwongoladzanja. Ngati cheke ndi cha kampani yolembetsedwa, wosumiridwa ndi kampaniyo, osati munthu amene anasaina m'malo mwake, ndipo kulakwitsa dzina pa samani kumataya nthawi ndi ndalama. Pa ndalama zambiri loya ndi wofunika. Komabe chigamulo pachokha sichibala ndalama, ndipo munthu wanzeru amayamba wafufuza ngati wangongoleyo ali ndi katundu kapena malonda oti angagwidwe.

Nanga apolisi? Si cheke chilichonse chobaunsa chimene ndi mlandu waupandu. Munthu amene ankayembekezera malipiro ake n'kukhumudwitsidwa ndi wangongole chabe. Upandu umabwera pamene munthu watenga katundu kapena ndalama akudziwa kuti chekecho sichidzalipidwa, monga polemba pa akaunti yotsekedwa, pogwiritsa ntchito cheke chakuba kapena posaina dzina la wina. Apa kukanena kupolisi ndi ku banki tsiku lomwelo n'kofunika, chifukwa makamera a m'banki ndi silipi yoikira zingasonyeze amene anabweretsa chekecho. Ku Zambia lamulo la National Payment Systems Act la mu 2007 linapita patsogolo, n'kuika poyera kuti kulemba cheke mwadala kapena mwachinyengo pa akaunti yopanda ndalama zokwanira ndi mlandu. Kulikonseko, apolisi si otolera ngongole, ndipo kuopseza munthu ndi selo kuti alipire ngongole wamba kumabweretsa mavuto ena pa wodandaula.

Nthawi zina wolakwa amakhala banki. Ikhoza kubweza cheke ndalama zilimo, kuika cheke mu akaunti yolakwika, kuchitaya, kapena kukhala nacho masiku ambiri osadziwitsa kasitomala kuti chabwerera, iye n'kupitiriza kupereka katundu kwa wogula yemweyo. Wolandira cheke sangasumire banki ya wolemba chifukwa chokana kulipira, popeza mgwirizano wa bankiyo uli ndi kasitomala wake. Amene ali ndi mlandu ndi banki imeneyo ndi wolemba, amene dzina lake laipitsidwa pamalonda. Wolandira angadandaule za banki yake yokha. Dandaulo lilembedwe kwa manijala wa nthambi, kenako ku likulu la bankiyo, ndipo likapanda kuyankhidwa bwino lipite ku Banki Yaikulu ya Reserve, imene imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki.

Macheke ochokera kunja ali ndi nthawi yawoyawo. Cheke cha m'mapaundi kapena m'madola chochokera kwa wachibale, bungwe lothandiza kapena ofesi ya penshoni sichidutsa mu dongosolo la m'dziko muno. Banki imachitumiza kudziko limene chinalembedwa, ndipo kudikira kumatenga masabata, chindapusa n'kukhala chokwera, mwina mpaka kudya gawo lalikulu la cheke chaching'ono. Chikapezeka kuti n'chopeka chikhoza kubwezedwa ngakhale ndalama zitalowa kale, ndipo si mabanki onse amene amachilandira. Palinso mayiko amene cheke chinatheratu. Ku South Africa mabanki anasiya kupereka ndi kulandira macheke pa 31 Disembala 2020, kotero cheke cha banki ya kumeneko sichingalipidwenso. Banki Yaikulu ya Zambia nayo inalengeza zothetsa macheke mu 2026, ndipo mabanki a ku Malawi akukankhira makasitomala awo ku njira zotumizira ndalama pa makina ndi pa foni. Amene wapatsidwa cheke lero, kapena akusunga cholembedwa tsiku la mtsogolo ngati chikole cha ngongole, ayambe wafunsa banki yake ngati ikuchilandirabe, mpaka liti, ndiponso ngati pali malire a ndalama zimene cheke chimodzi chingatenge.